Manambala osawerengeka pa mapulani a nyumba ya mamita 24: momwe ndinawakonzera mu AutoCAD

3 Malichi: foni ya kapitawo

Kapitawo wa pamalo omangira anandiimbira m'mawa. "Bambo, pazenera la chipinda chachitatu pano mwalemba 1500 kapena 1800? Tayang'ana anthu atatu, aliyense akuwerenga zake." Ndinatsegula fayilo n'kumuuza kuti ndi 1800. Pa kompyuta nambalayo inkaoneka bwino lomwe, choncho ndinamupempha kuti andijambulire pepala limene wagwira, ataika rula pambali pa nambalayo. Chithunzi chitafika ndinaona kuti manambala onse anali tinyerere, osafika ndi milimita imodzi ndi theka yomwe.

Mapulaniwa ndinawalandira ali pakatikati kuchokera kwa munthu wina amene anayamba ntchitoyi. Nyumbayo ndi ya mamita 24 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi. Pulani yaikulu anaikonzera pepala la A1 pa sikelo ya 1:50, ndipo pamenepo zilembo zake zinali za mamilimita 2.5, zomwe n'zabwinobwino. Koma omanga anasindikiza pa A3. Pepala la A1 ndi mamilimita 594 kwa 841, pomwe la A3 ndi 297 kwa 420, ndiye kuti mbali iliyonse inachepa ndi theka. Zilembo za 2.5 zija zinasanduka 1.25. Choopsa china n'choti pakona ya pepalalo panalembedwabe 1:50 pomwe chojambulacho chinali chitasanduka 1:100, moti aliyense woyeza ndi rula akanapeza theka la kutalika kwenikweni.

Ndauza kapitawo kuti asayeze chilichonse ndi rula papepala limenelo, ndipo pamene akukayika aziimba foni. Ine ndadzipatsa masabata atatu, ndikugwira madzulo, kuti ndikonze mapepala onse 9.

4 Malichi: kuyeza zomwe zilipo

Lero sindinasinthe kanthu. Ndinasindikiza mapepala onse 9 pa A3 monga momwe alili n'kuyeza zilembo ndi rula yachitsulo, n'kumalemba zomwe ndapeza m'mbali mwa pepala lililonse. Zinanditengera maola awiri.

Mu `Model`, momwe nyumba imajambulidwa pa kukula kwake kwenikweni, zilembo zambiri ndi za msinkhu wa 125. Nambala imeneyi si yongolota, ndi 2.5 kuchulukitsa ndi 50. Woyamba uja anawerengera sikelo imodzi yokha, ya 1:50, kenako zilembo zomwezo anazionetsa paliponse. Pa pepala la zimbudzi, pomwe `Viewport`, zenera loonetsa chojambula papepala, ili pa 1:20, zilembo za 125 zimatuluka mamilimita 6.25 pa A1, zazikulu moti zikuphimba mipope. Pa pulani ya denga ya 1:100 zimatuluka 1.25 pa A1 pomwepo, ndipo pa A3 zimangokhala timadontho.

Mu `DIMSTYLE` ndinapezamo masitayelo a miyezo 14. Ena mayina awo ndi `DIM50`, `DIM50-2`, `DIM20`, `Copy of DIM20`. Iyi ndi njira yakale, ndipo siyolakwika mwa iyo yokha: sikelo iliyonse imakhala ndi sitayelo yake, `DIMSCALE` yake ndi leya yake, ndipo mu `Viewport` iliyonse umazimitsa maleya a masikelo ena. Imagwira ntchito ngati munthu ali wosamala kwambiri. Vuto lake ndi loti khoma limodzi limakhala ndi miyezo iwiri kapena itatu yosanjikizana, ndipo ukalisuntha umayenera kukumbukira yonseyo. M'fayilo iyi ndapeza malo 4 pomwe muyezo wa pa 1:50 ndi wa pa 1:20 ukunena zosiyana za khoma limodzi.

Chosankha changa ndi ichi. Pepala lomwe omanga adzagwire m'manja ndi A3, ndiye zonse ndiziwerengera kuchokera pa A3. Pulani yaikulu ipita pa 1:100, pomwe nyumbayo itenga mamilimita 240 kwa 90 n'kusiya malo okwanira a miyezo mbali zonse. Zimbudzi zikhala pa 1:20, zodula nyumba pakati pa 1:50, ndipo tizigawo ta maziko ndi denga pa 1:10. Misinkhu ya zilembo ikhala itatu yokha: 2.5 pa miyezo ndi mawu ofotokoza, 3.5 pa mayina a zipinda, 5 pa mitu ya zojambula. Manambalawa ali mu mndandanda wa ISO 3098, womwe umayenda 1.8, 2.5, 3.5, 5, 7, 10 n'kumapita. Msinkhu uliwonse umaposa unzake ndi pafupifupi 1.4, chimodzimodzi ndi momwe mapepala a A amakulira. N'chifukwa chake zilembo za 3.5 pa A2 zimatera pa 2.5 ukazichepetsera pa A3. Kuchoka pa A1 kufika pa A3 ndi masitepe awiri, ndiye wofuna 2.5 pa A3 anayenera kuyamba ndi 5 pa A1.

6 Malichi: sitayelo ya zilembo

Ndinayamba ndi `STYLE`. Ndinapanga masitayelo awiri, onse ndi `isocp.shx`. Yoyamba ndinaitcha `MAWU`, ndi ya mawu ofotokoza ndi mayina a zipinda, ndipo ndinachonga bokosi la `Annotative`. Bokosilo ukalichonga, malo olembapo msinkhu amasintha dzina kukhala `Paper Text Height`, kutanthauza kuti tsopano ukunena msinkhu wa papepala, ndipo pulogalamuyo izichulukitsa yokha malinga ndi sikelo. Yachiwiri ndinaitcha `MIYEZO`, ndi ya manambala a miyezo basi, ndipo msinkhu wake ndinausiya pa 0.

Ziro ameneyu ndi wofunika, ndipo ndinamuphunzira m'fayilo yomweyi. Ndisanapange zangazi ndinayesa kaye kusintha `DIM20` yakale ija. Ndikasintha sikelo yake, mivi inkakula ndi kuchepa, mipata inkasintha, koma manambala ali nji, osasuntha. Ndinataya pafupifupi ola lathunthu ndikufufuza mu `DIMSTYLE`, pomwe vuto silinali mmenemo. Sitayelo ya zilembo imene `DIM20` inkagwiritsa ntchito inali ndi msinkhu wokhazikika wa 125. Sitayelo ya zilembo ikakhala ndi msinkhu wina uliwonse woposa 0, msinkhu umenewo ndi umene umalamula, ndipo zomwe walemba pa `Text height` m'sitayelo ya miyezo sizimveka. Chizindikiro chake n'chimenecho: mivi ikumvera, manambala akukana. Mukaona zotero pitani ku `STYLE` musanakhudze china chilichonse.

Zilembo za `.shx` zimajambulidwa ndi mzere umodzi, ndiye kunenepa kwake kumachokera ku leya. Pa zilembo za 2.5 ndaika mzere wa 0.25, womwe ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a msinkhu wake. Ndinayesa 0.35 ndipo timabowo ta 6, 8 ndi 9 tinayamba kutsekeka, chomwe ndi chinthu chimene chinasokoneza kapitawo uja.

7 Malichi: sitayelo imodzi ya miyezo

Ndinapanga sitayelo yatsopano kuchokera pa `ISO-25` n'kuitcha `A3-MM`. Pa tsamba la `Fit` ndinachonga `Annotative`. Zikatero `DIMSCALE` siigwiranso ntchito, imakhala pa 0, ndipo kukula kwa zinthu kumatengera sikelo ya zolemba yomwe ili pansi pa sikirini. Manambala onse m'sitayeloyi ndi mamilimita a papepala, osachulukitsa ndi kanthu:

```
DIMTXT   2.5
DIMASZ   2
DIMGAP   0.8
DIMEXO   1.5
DIMEXE   1.25
DIMDLI   8
DIMDEC   0
DIMLFAC  1
```

`DIMTXT` ndi msinkhu wa nambala, `DIMASZ` ndi kukula kwa muvi, `DIMGAP` ndi mpata wa pakati pa nambala ndi mzere wake. `DIMEXO` ndinaikweza kuchoka pa 0.625 yomwe imabwera ndi `ISO-25`, chifukwa khoma langa limasindikizidwa ndi mzere wonenepa wa 0.5, ndipo kampata kakachepa, mzere wa muyezo umaoneka ngati ukupitiriza khoma. M'malo mwa mivi ndasankha `Architectural tick`, timizere topendekera tija, chifukwa pa muyezo waufupi mivi iwiri imadya malo onse. `DIMDEC` ili pa 0 popeza palibe mmisiri womanga amene adzayeze theka la milimita pa njerwa.

Ndinayesa pa khoma limodzi. Ndinaika `CANNOSCALE`, yomwe ndi sikelo ya zolemba ija, pa 1:100 n'kujambula muyezo, ndipo mu `Model` nambala inatuluka ya msinkhu wa 250. Ndinajambula wina pa 1:20, unatuluka 50. Pa `Layout`, lomwe ndi pepala lokasindikiza, uliwonse mu `Viewport` yake, yonse inali 2.5. Apa mtima unakhala pansi.

10 Malichi: kusamutsa zakale, ndi zolakwa ziwiri

Kuchonga `Annotative` m'sitayelo sikusintha zinthu zimene zinajambulidwa kale, umayenera kuzisankha n'kuzisintha wekha. Ndinagwiritsa ntchito `QSELECT` kusankha mawu onse a msinkhu wa 125, omwe analipo 212, ndipo mu `Properties` ndinasintha `Annotative` kukhala `Yes`. Pa sikirini palibe chinasintha, ndiye ndinaganiza kuti zatheka. Nditawonjezera sikelo ya 1:100, chojambula chonse chinakwiririka ndi zilembo zazikulu kuposa zipinda.

Chinachitika n'choti pa nthawi imeneyo sikelo ya zolemba inali pa 1:1. Mawu akamasanduka `Annotative` amatenga sikelo yomwe ilipo pa nthawiyo, ndipo msinkhu wawo wa papepala umapezeka pogawa msinkhu wa mu `Model` ndi sikeloyo. Pa 1:1, 125 inatengedwa ngati mamilimita 125 a papepala, ndipo pa 1:100 inakhala 12500, kapena kuti mamita 12.5. Ndinabwerera m'mbuyo ndi `UNDO`, ndinaika `CANNOSCALE` pa 1:50, yomwe ndi sikelo imene mawuwo anawerengeredwa poyamba, n'kuyambanso. Ulendo uno `Paper text height` inaonetsa 2.5 yokha. Choncho musanasinthe mawu akale, funsani kaye kuti anapangidwira sikelo iti, muike sikelo imeneyo, kenako musinthe. Mawu a misinkhu yosiyana muwatenge gulu ndi gulu.

Cholakwa chachiwiri chinali chowopsa kuposa ichi chifukwa sichinachite phokoso. Nditasamutsira miyezo yonse ku `A3-MM`, ndinkadutsa pa chojambula cha maziko ndipo diso langa linagwa pa khoma lolembedwa 1150. Khoma limenelo ndi la 230. Woyamba uja, pofuna kuti kachigawo ka 1:10 kaoneke mu `Viewport` yomweyo ya 1:50, anakakuza kasanu ndi `SCALE`, kenako anaika `DIMLFAC` pa 0.2 kuti manambala abwerere pa zoona. Sitayelo yanga ili ndi `DIMLFAC` ya 1, ndiye inanena kutalika kwa mizere momwe ilili, 230 kuchulukitsa ndi 5. Tizigawo totere tinalipo 6. Tonse ndinatibweza pa kukula kwenikweni ndi `SCALE` ya 0.2, ndipo kalikonse ndinakapatsa `Viewport` yake ya 1:10. Zinanditengera madzulo onse, koma sindikanalola kusunga sitayelo yachiwiri yokhala ndi 0.2 yobisika mkati, chifukwa tsiku lina munthu adzakopera muyezo kuchoka pa kachigawo kupita pa pulani ndipo udzanama mosaonekera.

Pamene ndinali pomwepo ndinayang'ananso miyezo yolembedwa ndi dzanja. Ukasankha miyezo yambiri, mzere wa `Text override` mu `Properties` uyenera kukhala wopanda kanthu. Wanga unaonetsa `*VARIES*`. Ndinapeza miyezo 11 yomwe nambala yake inachita kulembedwa pamwamba pa yeniyeni. Kulemba `<>` pamalopo kumabweza nambala yoyezedwa, koma sindinathamangire kutero. Pa khomo lina panalembedwa 900 pomwe mizere inali yotalikirana 870, ndipo cholondola chinali 900, ndiye chofunika kukonza chinali chojambulacho. Uliwonse ndinautenga pawokha.

12 Malichi: miyezo yasowa

Ndinatsegula `Layout` yatsopano ya A3, ndinapanga `Viewport` ya 1:100, ndipo munatuluka makoma okhaokha. Miyezo zii. Mawu amene ndinawapatsa kale 1:100 ankaoneka, koma miyezo inali ndi 1:50 yokha.

Umu ndi momwe zinthu za `Annotative` zimakhalira: chilichonse chimanyamula mndandanda wake wa masikelo, ndipo chimaoneka mu `Viewport` yokhayo imene sikelo yake ili pa mndandandawo. Sichinafufutike. Kuti nditsimikize ndinaika `ANNOALLVISIBLE` pa 1 ndipo yonse inatulukira, koma ili pa kukula kwa 1:50, kutanthauza 1.25 papepala. Apa pali msampha. Munthu akhoza kuona kuti miyezo yabwerera n'kusindikiza, osadziwa kuti wabwerera pa vuto lomwe anayamba nalo. `ANNOALLVISIBLE` imasungidwa payokha pa `Model` ndi pa `Layout` iliyonse, ndiye ndinadutsa m'mapepala onse 9 kuonetsetsa kuti ili pa 0. Mu `Model` ndimaisiya pa 1 ndikamagwira ntchito kuti ndisajambule muyezo pamwamba pa wina wobisika.

Kukonza kwake ndi `OBJECTSCALE`: kusankha miyezo, `Add`, 1:100. Ukaloza chinthu ndi mbewa, kachizindikiro kamakona atatu kamaoneka pambali pake. Kamodzi ndiye kuti chili ndi sikelo imodzi, tiwiri ndiye kuti chili ndi angapo. Kachizindikiro kameneka kandithandiza kwambiri sabata ino.

13 Malichi: njira yachidule imene inanditayitsa maola atatu

Pofuna kufulumira ndinayatsa `ANNOAUTOSCALE`, yomwe imawonjezera yokha sikelo yatsopano pa zolemba nthawi iliyonse ukasintha sikelo. Inali pa 4, ndipo pa 4 imagwira ngakhale zinthu za pa maleya ozimitsa ndi okiya. Ndinaiwala kuizimitsa. Madzulo amenewo ndinasinthasintha sikelo kangapo poyang'ana tizigawo, 1:20, 1:10, ngakhale 1:5 yomwe sindikugwiritsa ntchito n'komwe. Ndikubwerera ku pepala la zimbudzi, ndinapeza mayina a zipinda, miyezo ya kunja kwa nyumba ndi mawu a padenga zonse zili piringupiringu mu `Viewport` ya 1:20. Ndikasankha muyezo umodzi, mithunzi yake isanu inkaoneka pamodzi.

Ndinaibweza pa -4, yomwe ndi kuzimitsa, kenako ndinachotsa masikelo owonjezerawo ndi `OBJECTSCALE`, gulu ndi gulu. Maola atatu. Ntchitoyi inandikakamiza kuganizira funso lomwe ndinayenera kuyamba nalo: muyezo uwu ukufunika pa pepala liti?

Khoma la 230 pa 1:100 limatenga mamilimita 2.3 papepala. Nambala ya zilembo zitatu ya msinkhu wa 2.5 imafuna malo oposa mamilimita 5 m'lifupi. Singalowe, ndiye pulogalamuyo imaikankhira kunja, komwe imakagundana ndi nambala ya muyezo wotsatira. Pa 1:50 khomalo ndi 4.6, mothinanabe. Pa 1:20 ndi 11.5, ndipo nambala imakhala bwinobwino pakati. Zimbudzi zanga zili ndi timakoma togawa ndi timipata ta 100 ndi 150 tambirimbiri. Kuzipatsa 1:100 sikuthandiza aliyense, ngakhale nambala iliyonse ikhale ya 2.5 ndendende. Ndiye ndagawa motere. Pa 1:100 pali kutalika kwa nyumba yonse, kutalikirana kwa makoma akuluakulu, ndi malo a zitseko ndi mazenera. Pa 1:20 pali zonse za mkati mwa zimbudzi. Miyezo yokhala ndi masikelo onse awiri ilipo 8 yokha, ya makoma ozungulira zimbudzizo, chifukwa ndi imene imalumikiza mapepala awiriwo ndipo ndikufuna kuti ikhale muyezo umodzi, osati iwiri yofanana.

14 Malichi: kukula kwakonzeka, malo ayi

Chinthu chimene anthu ambiri sanena za `Annotative` ndi choti imakonza kukula kwa nambala koma siikonza pamene mzere wa muyezo wakhala. Mizere itatu ya miyezo kunja kwa nyumba inali yotalikirana 400 mu `Model`. Pa 1:50 amenewo ndi mamilimita 8 papepala, mpata wabwino. Pa 1:100 ndi mamilimita 4, pomwe nambala ndi kampata kake zimatenga 3.3, moti mutu wa nambala unkatsala pang'ono kukhudza mzere wa pamwamba pake. Ndinaitalikitsa kufika pa 800 ndi `DIMSPACE`, n'kuchotsa 1:50 pa miyezo ya pulani popeza pulaniyo siionekanso pa sikelo imeneyo.

Pa miyezo 8 ija ya masikelo awiri ndinafunika malo awiri osiyana. Pa 1:20 mpata wa mamilimita 8 ndi 160 yokha, ndiye mzere wokhala 800 kuchoka pakhoma unkagwera kunja kwa `Viewport`. Izi zimatheka, chifukwa sikelo iliyonse imasunga malo ake. Ndinalowa mu `Viewport` ya 1:20, ndinagwira kabokosi kabuluu ka mzere wa muyezo n'kuukokera pafupi ndi khoma, ndipo wa pa 1:100 sunasunthe. Kusiyana kwake kuli pa chida: kukoka ndi kabokosiko kumasuntha sikelo imene ukuiona yokha, pomwe `MOVE` imasuntha onse pamodzi. Ndinasokoneza ziwirizi kamodzi, ndipo `ANNORESET` inabweza masikelo onse a muyezowo pa malo a sikelo yomwe ndinali, n'kuyambiranso.

Ndinaonetsetsanso kuti `DIMASSOC` ili pa 2 ndipo ndinamangiriranso miyezo yakale ku makoma ndi `DIMREASSOCIATE`. Ndinayesa posuntha khoma la chimbudzi ndi 50, ndipo nambala inasintha pa mapepala onse awiri.

17 Malichi: pulani ya malo ili m'mamita

Fayilo ya wopima malo inajambulidwa m'mamita, pomwe yanga ili m'mamilimita. Malowo ndi mamita 60 kwa 40. Ndinasankha 1:500 pa mndandanda ndipo malo onse anasanduka kadontho pakati pa `Viewport`, ndipo mawu amene ndinalemba anatuluka a msinkhu wa 1250, omwe m'fayilo imeneyo ndi mamita 1250.

Dzina la sikelo pa mndandanda ndi dzina chabe. Chimene chimagwira ntchito ndi manambala awiri ali mkati mwake, omwe amaoneka mu `SCALELISTEDIT` ukadina `Edit`. Sikelo ya 1:500 yobwera ndi pulogalamu imati milimita imodzi ya papepala ikuimira magawo 500 a chojambula, ndipo izi n'zoona pokhapokha magawowo akhale mamilimita. Akakhala mamita, milimita imodzi ya papepala imaimira theka la mita. Ndinapanga sikelo yatsopano:

```
Name appearing in scale list:  1:500 m
Paper units:    1
Drawing units:  0.5
```

Malowo anatuluka mamilimita 120 kwa 80 papepala, ndipo mawu a 2.5 anakhala a mamita 1.25 mu `Model`. Ndikanatha kukuza fayiloyo ka 1000 kuti ifanane ndi yanga, koma sindinafune kusokoneza manambala a malo a wopimayo, omwe adzafunike pokhoma zikhomo. Ndinangokopera `A3-MM` n'kupanga `A3-M` yokhala ndi `DIMDEC` ya 2. Motero masitayelo a miyezo atsala awiri pa ntchito yonse, kuchoka pa 14.

Mndandanda wa masikelo m'fayilo yaikulu unali wautali, wodzaza ndi mayina othera ndi `_XREF` ochokera ku mafayilo olumikizidwa. Mayina otere ndi oopsa, chifukwa muyezo ukapatsidwa `1:50_XREF` pomwe `Viewport` ili pa `1:50` ukhoza kuusowa osadziwa chifukwa chake. Ndinafufuta onse osagwira ntchito n'kusiya 1:1, 1:10, 1:20, 1:50 ndi 1:100. Awiri anakana kufufutika chifukwa panali zinthu zowagwiritsabe ntchito, ndipo kuzisaka kunandithandiza kupeza mawu 5 amene ndinawadumpha pa 13 Malichi paja.

19 Malichi: kusindikiza koyesa

Mapepala 9, rula, tebulo. Asanu ndi atatu anali ndi zilembo zofanana, koma pepala la zodula nyumba pakati linkaoneka locheperako. Ndinayeza khoma la 9000, lomwe pa 1:50 liyenera kukhala mamilimita 180, ndipo linali 168. Mu `Properties`, `Annotation scale` ya `Viewport` imeneyo inali 1:50, koma `Standard scale` inali `Custom`. Tsiku lina ndili mkati mwake ndinagudubuza gudumu la mbewa, chojambula chinachepa pang'ono, pomwe sikelo ya zolemba inatsala pamene inali. Awiriwa ndi manambala osiyana, ndipo 2.5 imatuluka pokhapokha akagwirizana. Ndinabweza pa 1:50 n'kuika `Display locked` pa `Yes`, ndipo ndinakiya `Viewport` iliyonse pa mapepala onse. Ndikanayenera kukiya tsiku lomwe ndinazipanga.

Kenako ndinayeza khoma lalitali pa pulani yaikulu, loyenera kukhala 240, ndipo linali 231. Mu `PLOT` zonse zinali bwino, `Layout` pa 1:1 ndipo `Fit to paper` yosachonga. Kuchepako kunachitika posindikiza PDF, pomwe pulogalamu yowerengera inali pa `Fit` ndipo inachepetsa tsamba kuti lilowe m'malire a pulinta. Nditasankha `Actual size` khomalo linatuluka 240, koma mzere wa m'mphepete mwa pepala unadulidwa mbali imodzi. Ndinabweza malire a pepala mkati kuti akhale mamilimita 10 kuchoka m'mphepete, kuti munthu asakhalenso ndi chifukwa chosankhira `Fit`.

Pa pepala lililonse ndawonjezera zinthu ziwiri pakona. Choyamba, pambali pa sikelo ndalembapo kukula kwa pepala, `1:100 @ A3`. Chachiwiri ndi kamzere ka sikelo kogawidwa m'mamita, komwe kamachepa limodzi ndi chojambula ngati wina achichepetsa. Palibe chimene ndingachite mkati mwa fayilo choletsa munthu kusindikiza A3 pa A4, ndipo akatero 2.5 idzatera pafupifupi pa 1.8, yomwe imawerengekabe movutikira. Koma akaika rula pa kamzereko adziwa msanga kuti pepala lake lachepa.

Mizere yodukaduka ya denga inkatuluka ngati yosaduka pa 1:100. Ndinaika `LTSCALE`, `PSLTSCALE` ndi `MSLTSCALE` zonse pa 1, n'kuchita `REGENALL`, ndipo inakhala bwino pa mapepala onse.

21 Malichi: pamalo omangira

Ndinapita nawo ndekha mapepala atsopano n'kutolera akale onse kuti asasakanikirane. Kapitawo anayala pulani yaikulu pa thabwa, anaiwerenga ataimirira osawerama, ndipo anatsata mzere wa mazenera ndi chala mpaka kumapeto. Anafika pa zimbudzi n'kufunsa, "Nanga miyezo ya mkati umu mwaichotsa, bambo?" Ndinamuonetsa pepala la 1:20. Anayang'ana n'kunena kuti zili bwino, koma pa pulani yaikulu palibe chomuuza kuti apite ku pepala limenelo. Ananena zoona. Ndinachotsa miyezo koma sindinasiye cholozera.

Anadandaulanso ndi tizigawo ta 1:10, kuti mawu ofotokoza afika pafupi kwambiri ndi timadontho toonetsa konkire, ndipo pepala likagwira fumbi sizisiyanitsika. Zimenezi pa tebulo langa sindinazione.

Madzulo ndinakonza zonse ziwiri. Pa pulani ndinazungulira zimbudzi ndi mzere wodukaduka n'kulembapo nambala ya pepala lake, mawuwo ali ndi 1:100 yokha. Pa tizigawo ndinayatsa `Background Mask` pa mawuwo kuti timadontho tisawafike, ndipo pa manambala a miyezo ndinaika `Fill color` pa `Background` mu `A3-MM`.

Nthawi yonse yomwe ndathera ndi maola 26, ndi mapepala a A3 okwana 41 kuphatikiza oyesera. Masitayelo a zilembo awiri, a miyezo awiri, mndandanda wa masikelo ndi pepala la A3 lokhala ndi malire atsopano ndazisunga mu fayilo ya `.dwt`. Chatsala ndi mapulani a mipope ndi magetsi, omwe ali ndi zizindikiro zambiri zopangidwa ngati `Block` pa kukula kwa 1:50. Sindinaganize bwino ngati ndizisandutse `Annotative` kapena ndizisiye, chifukwa zizindikiro zina, monga sinki ndi bafa, zikuimira kukula kwenikweni kwa chinthu ndipo siziyenera kusintha ndi sikelo, pomwe soketi ndi switchi ndi zizindikiro chabe. Lolemba ndiyamba ndi kuzigawa m'magulu awiri amenewo.